Mafunso ndi mayankho: kavoisi kapena kavidiyo kotsatsira katundu mmodzi pa WhatsApp

Ine ndimagulitsa zinanazi, ndimaoda kwa alimi konkuno ku Mulanje n'kumagulitsa pa Chitakale, koma Lachisanu lililonse zikakhala kuti zachuluka ndimakwera nazo minibasi kupita ku Limbe kukapereka kwa anthu amene aoderatu pa foni. Maoda amenewo amabwera ndi kavoisi kamodzi kamene ndimatumiza Lachinayi m'mawa. Ndiye azimayi anzanga a ku banki mkhonde, achimwene ena a nkhuku ku Luchenza, ngakhale mwana wa achemwali anga amene wayamba za zitenje, akhala akundifunsa mafunso omweomwewo mpaka ndinangoti aaa bola ndilembe kamodzi. Mitengo imene muione apa ndi chitsanzo chabe, mukudziwa nokha mmene zinthu zikukwerera, musabwere pa Chitakale n'kumati munalemba nokha.

Kuyankhula pa foni kumafunikanso kulemba kaye? Si kungodina n'kuyamba?

Kumafunika, ndipo amene amakana kwambiri ndi anthu odziwa kuyankhula, chifukwa pa benchi amagulitsa bwinobwino ndiye amaona ngati pa foni n'chimodzimodzi. Koma pa benchi kasitomala ali pomwepo, ukaiwala mtengo amakufunsa, ukatalikitsa nkhani amakudula yekha kuti mayi tandipatseni ndizipita. Mu voisi mulibe wokudula, mulibe wokufunsa. Voisi yanga yoyamba ndinaisunga dala, ndi ya mphindi 2 ndi masekondi 40, muli moni, muli za mvula, muli kupepesa kuti ndakusokonezani, muli eee ndi ndiyetu kaya kangati, koma mtengo mulibe. Ndinangozindikira anthu atatu atayankha funso limodzi lomwelo, zikupita bwanji.

Kulemba kwake si kwa kalata ayi. Tengani kope la ngongole lija, kuseri kwake lembani mizere isanu kapena isanu ndi umodzi mmene mumayankhulira, werengani mokweza katatu, kenako tsekani kope mujambule. Mukajambula mukuwerenga zimamveka, mawu amauma ngati mwana akulakatula ndakatulo pa asembule, ndiye kopelo ntchito yake ndi kukuikirani zinthu mu mzere m'mutu basi.

Tationetsani yanuyo, mumanena kuti chani kwenikweni?

Nayi imene ndimagwiritsa ntchito, ndimangosintha tsiku, mtengo ndi kuchuluka kwake:

"Mwadzuka bwanji, ndine Nambewe wa zinanazi wa pa Chitakale uja. Lachisanu pa 12 ndikubweretsa zinanazi ku Limbe, zopsera kumunda, zodula lero lomwe. Chachikulu K1,500, mukatenga zitatu K4,000. Ndili nazo 40 zokha. Ndidzakhala pa depoti ya minibasi za ku Mulanje kuyambira 9 koloko mpaka 12. Amene mukufuna ndiyankheni pompano kuti mukufuna zingati, isanakwane 6 koloko madzulo ano. Zikomo kwambiri."

Ikuoneka yophweka eti, koma mzere uliwonse ndinachita kuuphunzira ndi ndalama zanga. Poyamba ndikunena dzina ndi chimene amandidziwira, chifukwa anthu ambiri anandisunga mu foni kuti Zinanazi kapena Mayi Mulanje, ena sanandisunge n'komwe anangolandira voisi kuchokera kwa mnzawo, ndiye mawu achilendo akayamba osadzitchula munthu amangotseka. Kenako katundu ndi tsiku zikubwera mu mpweya wachiwiri womwewo, pa masekondi 10 oyamba munthu wadziwa kale ngati nkhaniyi ikumukhudza kapena ayi. Chifukwa chogulira ndaika chimodzi chokha, zopsera kumunda, ndipo ndinasankha chimenecho poti ndi pamene anthu a m'tauni anapsa kale. Chinanazi chikadulidwa chosakhwima sichiwonjezeranso kutsekemera, khungu lidzasintha mtundu, chidzafewa, koma mkati chimakhalabe chowawasa, si ngati nthochi kapena peyala zimene umavundikira. Munthu amene anagulapo chotero pa msewu akamva zopsera kumunda amadziwa chimene ndikunena.

Mtengo uli pakati, kuchuluka kwake kuli pambuyo pa mtengo, ndiye malo ndi nthawi. Chomaliza ndi chimene ndikufuna munthuyo achite, chimodzi basi: ayankhe nambala. Sindikumuuza kuti imbani, kapena lembani, kapena bwerani, kapena uzani anzanu, zonse pakamodzi. Ukamupatsa munthu ntchito zinayi amati ndiona kenako, ndipo kenakoyo sifika. Koma kuyankha kuti 3 ngakhale ali pa mzere wa ku banki amayankha.

6 koloko ija sindinaikire kuopseza anthu. Ndi nthawi imene ndimayamba kusankha ndi kulongedza m'madengu, oda yobwera 9 koloko usiku imandipeza ndamanga kale.

Koma kulowa nkhani ya malonda moni asanathe si mwano umenewo? Ena ndi akuluakulu.

Funso ili limachokera kwambiri kwa azimayi a msinkhu wanga ndipo ndimalimvetsa, kwathu kuno sungafike pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi mtengo. Moni asachoke, koma akhale mmodzi. Mwadzuka bwanji akukwana. Chimene chimapha voisi ndi moni wa mafunso amene palibe akuyankha, ana adzuka bwanji, nanga bambo, nanga kuntchito, ife kuno tadzuka kaya inu, uku munthu akumvetsera ali pa ntchito foni ili kukhutu.

Ulemu uikeni mu mawu amene mukusankha. Muziti ndiyankheni, mukatenga, amene mukufuna, osati undiyankhe, ngakhale pa mndandanda pali anzanu a ku sukulu, chifukwa voisi yomweyo ifikanso kwa amalume ndi kwa abusa. Ndipo pali anthu ena amene sindimawatumizira voisi ya onse ija yokhayokha. Apongozi anga, mayi ena achikulire a ku Bangwe amene amatenga khumi nthawi imodzi, amenewa ndimayamba ndawalembera moni wawo wapadera, akayankha ndiye ndimaponya ija.

Mtengo ndinene momwemo kapena ndiwauze abwere kumbali tikambirane?

Nenani. Zoti mtengo tikambirana kumbali ndimadana nazo, munthu amangoganiza ziwiri, kuti ndi wodula kapena mumatchaja poona nkhope. Komanso mukudzipatsa ntchito yoyankha funso limodzi ka 30 ndi bandulo yanu yomwe.

Koma manambala mu voisi ndi oterera, apa mundimvetsetse. Timatchula ndalama mu Chingerezi, ndipo pa sipika ya foni yosweka fifitini ndi fifite zimamveka chimodzimodzi, sate ndi satini chimodzimodzinso. Ine zinandionekera mbali ya oda: bambo ena a lesitilanti anayankha ndi voisi ali mu phokoso, ine ndinamva fifite, ndinasangalala mpaka kukaonjezera katundu kwa mlimi wina madzulo omwewo, kufika ku Limbe iwo akuti ayi mayi ndinati fifitini. Zinanazi 35 zopanda mwini, zakupsa kale, ndinazigulitsa motchipa dzuwa likulowa kuti ndisabwerere nazo. Kuyambira pamenepo mtengo ndimautchula mmene timatchulira pa msika, wani fayifi, folo sauzande, pang'onopang'ono, ndipo pansi pa voisi ndimalemba kamzere ka manambala: Zinanazi K1,500 chimodzi, 3 K4,000, Lachisanu pa 12, Limbe, 9 mpaka 12 koloko. Nayenso kasitomala akaoda ndi mawu ndimamubwezera molemba kuti 15 eti, avomere kaye.

Kamzere kameneka kali ndi ntchito inanso. Voisi sungaifufuze, munthu akafuna kukumbuka mtengo Lachisanu m'mawa sangalembe zinanazi pa malo ofufuzira n'kuipeza, koma mawu olemba amawapeza. Ndiponso amene ali mu msonkhano kapena mu tchalitchi sangatsegule voisi koma maso amaponya.

Italike bwanji?

Masekondi 30, mukapitirira 40 ndiye kuti muli china chofunika kuchotsa. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, ine ndikayankhula mosathamanga amalowa pafupifupi 55 kapena 60 basi. Munthu amaona kutalika kwa voisi asanaitsegule, akaona 0:31 amadina, akaona 2:40 amati ndimvera kunyumba. Enanso amamvera pa liwiro la 1.5x kapena 2x, ndiye mukathamanga kale inuyo pojambula, kwa iwo mtengo umangodutsa ngati njinga ya kabaza pa mtsetse.

Ine ndili ndi zinanazi, mapeyala, nthochi ndi uchi. Ndisiyirenji zinazo?

Chifukwa khutu silibwerera m'mbuyo. Pa chithunzi kapena pa mawu olemba maso amatha kudumpha kupita pa chimene akufuna, koma mu voisi katundu anayi ndi mitengo inayi, mwina isanu ndi itatu mukaika ya zazikulu ndi zazing'ono, pofika pa uchi munthu waiwala kale mtengo wa chinanazi, kapena choipa kwambiri wasakaniza, akubwera ndi ndalama ya nthochi akufuna mapeyala ndipo akulumbira kuti munanena nokha.

Sankhani chimene chikufunika kuchoka msanga kapena chimene chili pa nyengo yake. Uchi sukuthamangira kulikonse, ungadikire sabata yamawa. Zinazo muzigulitsa munthu akayankha kale, akati ndisungireni zitatu ndi pamene mumati chabwino mayi, ndilinso ndi mapeyala akuluakulu ndikuikireni? Pamenepo ndi kucheza kwa anthu awiri, ndipo mapeyala anga ambiri amapita choncho osatchulidwa n'komwe mu voisi.

Chabwino n'chiti, voisi kapena vidiyo?

Zimatengera ngati katunduyo amagulidwa ndi maso komanso ngati anthuwo amakudziwani kale. Makasitomala anga akale safuna kuona chinanazi, akuchidziwa, akufuna tsiku ndi mtengo, voisi imakwana ndipo ndi yopepuka, imadutsa ngakhale netiweki ikuvuta ngati mmene imachitira kuno m'munsi mwa phiri kukachita chiperoni. Vidiyo ndi yolemera kwambiri kuyerekeza ndi voisi, anthu ambiri anatseka zoti mavidiyo azidzitsitsa okha kuopa bandulo, ndiye imangokhala pamenepo ndi kachizindikiro ka muvi kosonyeza kukula kwake, munthu akaona ma MB ambiri amaidutsa. Musadinenso HD potumiza, mukungoilemeretsa.

Koma kwa anthu atsopano, kapena katundu ngati chitenje, nsapato, nkhuku, kumene kukula ndi mtundu ndiye nkhani, vidiyo imagwira ntchito imene pakamwa sipangathe. Ine ndimachita chonchi, voisi kwa amene anagulapo, vidiyo pa Status kuti ena aone.

Nanga mu vidiyomo ndionetse chani, nkhope yanga ionekenso?

Mawu ake ndi omwe aja, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano manja akuyenera kuyenda limodzi ndi pakamwa, ndiye pa kope paja ndimalemba mbali ziwiri, kumanzere zonena, kumanja zoonetsa.

Vidiyo iyambe katundu ali kale pa sikirini, osati thambo, osati mapazi anu mukuyenda kupita pa dengu. Chithunzi choyamba chija ndi chimene munthu amaona asanaitsegule. Ine ndimayamba chinanazi chili m'dzanja, chifukwa dzanja ndiye sikelo, chinanazi chili chokha pa mphasa sungadziwe ngati ndi chachikulu kapena foni yangoyandikira. Pamene ndikuti zopsera kumunda ndimachitembenuza kuonetsa kumunsi kumene chikasu chimayambira ndi pamene chinadulidwa kuti aone kuti ndi pauwisi. Kenako mpeni, ndimadula chimodzi pakati, madzi akuyenderera pa mpeni mpaka pa chigongono, apa sindiyankhula kanthu masekondi awiri kapena atatu, ndimangosiya aone mkati. Chinanazi chimodzi chimenecho ndimachiwerengera ngati ndalama yotsatsira, ana amadya tikamaliza. Potchula mtengo ndimakhala nditaika zitatu pamodzi ndi kakatoni kolembedwa ndi makala kapena maka K4,000, chifukwa ambiri amaonera Status foni ili chete. Pomaliza ndimaonetsa madengu onse pamene ndikuti 40 zokha.

Foni igwidwe choimirira, ndipo agwire wina, simungadule chinanazi ndi dzanja limodzi. Wanga amagwira ndi mwana wanga wa Fomu 2 ndipo lamulo ndi limodzi, asayendeyende, katundu ndiye aziyenda kubwera ku foni. Jambulani panja pa mthunzi, m'mawa, dzuwa likhale kumbuyo kwa wogwira foni. Mukajambula pa khonde kuwala kuli kumbuyo kwa katundu zonse zimada bii. Pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu, foni zathuzi zimakhala m'chitenje limodzi ndi ndalama ndi mafuta a mandasi, chifunga chimene mumachiona mu vidiyo nthawi zambiri ndi chimenecho. Ndipo yang'anani kumbuyo, ine ina ndinachita kuichotsa nditaika kale chifukwa kumbuyo kunali zochapa zamkati pa chingwe, anandiuza ndi mlamu wanga akuseka.

Za nkhope, ngati simukufuna musadzikakamize, manja ndi mawu zikukwana. Koma ngati mukupempha anthu osakudziwani kuti atumize ndalama musanakumane, kuoneka masekondi atatu poyamba paja kumathandiza, komanso pa depoti amakuzindikirani msanga. Ngati vidiyo yadutsa malire a Status foni imaidula, ndipo chimene chimadulidwa ndi kumapeto kumene kuli malo ndi nthawi, ichi ndi chifukwa china chokhalira pa masekondi 30.

Mawu anga amamveka ngati ndili m'chitsime, ena amati phokoso. Ndi foni?

Kawirikawiri si foni ayi, ndi malo. Pa Chitakale masana sungajambule, ma minibasi akuitanira, njinga zamoto, sipika ya ogulitsa ma memori kadi, zonse zimalowa. M'nyumba ya malata mvula ikugwa ndiye usayese n'komwe, ndipo kuno mvula sipempha chilolezo. M'chipinda chopanda katundu mawu amabwerera, ndiye chitsime chimene mukunenacho. Ine ndimajambulira kuchipinda chogona, pali matilesi ndi zovala, chitseko chotseka, wailesi yozima, tambala ndiye palibe chimene ndingamuchite.

Foni isagunde pakamwa, ikhale ngati kutalika kwa chikhatho, ndipo onani kuti chala sichinatseke kabowo ka maiki pansi pa foni. Mukadina kamaiki kaja kokerani m'mwamba kuti kakhale kokhoma, mukamaliza imitsani mumvere kaye musanatumize. Njira imene ndimaikonda ine ndi kudzitumizira ndekha kaye, kapena kwa mwana wanga, n'kumvera pa sipika ndili chapatali ngati mmene angamvere munthu ali kukhitchini. Dikirani sekondi imodzi mukadina musanayambe kuyankhula, apo ayi mwadzuka amasanduka dzuka. Ndipo imirirani pojambula, mawu a munthu wogona pa bedi amadziwika.

Nditumize bwanji, mmodzimmodzi, pa gulupu kapena pa Status?

Pali njira imene anthu ambiri saidziwa, pa menyu pamalembedwa New broadcast. Mumasankha anthu, mpaka 256 pa mndandanda umodzi, mukatumiza kamodzi aliyense amalandira payekha ngati mwamulembera iye yekha, ndipo akayankha yankho limabwera kwa inu nokha. Msampha wake ndi uwu: imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu mu foni mwawo. Ine sabata yoyamba ndinaika anthu onse amene ndinali nawo, n'kumadabwa kuti ena bwanji ali zii, kumangoti andikwiyira kapena, osadziwa kuti sanalandire n'komwe. Ndiye pano aliyense akagula koyamba ndimamuuza pomwepo, ndisungeni kuti Nambewe Zinanazi, ndipo ndimadikira asunge ndikuona. Status nayonso ndi chimodzimodzi, amaona ndi amene munasungana nonse awiri, ndipo imatha pa maola 24.

Mndandanda ugaweni potengera malo. Wanga wa Limbe ndi wosiyana ndi wa kuno, munthu wa ku Muloza kapena ku Likhubula kumutumizira za depoti ya ku Limbe sabata ndi sabata ndi kumutopetsa chabe. Kukankha voisi ndi kamuvi kotumizira ena kuja kumalola macheza asanu okha nthawi imodzi ndipo ngati voisiyo sinayambire pa nambala yanu pamwamba pamalembedwa Forwarded, zimaoneka ngati za aliyense.

Magulupu samalani nawo. Gulupu ya mpingo, ya maliro, ya makolo a ku sukulu, funsani kaye adimini. Kupanga gulupu yanu n'kulowetsamo anthu osawafunsa ndiye ayi, manambala awo amaonekera kwa aliyense ndipo amatuluka akukunenani. Wina akati musamanditumizire, muchotseni tsiku lomwelo popanda kufunsa chifukwa, anthu akamadina Block ndi Report nambala yanu ikhoza kutsekedwa, ndipo makasitomala onse ali m'menemo.

Bwanji mumati Lachisanu pa 12, osangoti mawa?

Chifukwa voisi imayenda popanda inu ndipo sikalamba. Munthu bandulo inamuthera Lachinayi, wagula Loweruka, voisi yalowa, akumva mawa ndikubwera ku Limbe, Lamulungu ali pa depoti akukuimbirani mokwiya. Kapena wina waikankhira kwa mnzake patapita sabata. Mawu ngati mawa, lero, pompano, pamalo paja, amagwira ntchito kwa amene akumva nthawi yomweyo komanso akukudziwani. Mukaona mu voisi yanga muli lero lomwe ndi madzulo ano, eya, koma zili pambuyo pa tsiku lotchulidwa ndi deti, ndiye womvera mochedwa amadziwa yekha kuti sitima yapita.

Malonso atchuleni ngati mukuuza mlendo. Ndipo ngati zinthu zasintha, minibasi yachedwa kudzadza kapena yadzera ku Thyolo ndi Bvumbwe m'malo mwa msewu wa Midima, musajambule voisi ina yaitali yopepesa, lembani mzere umodzi kwa okhawo amene anaoda kuti ndifika 10:30.

Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ndiitchule mu voisi?

Ayi, manambala khumi palibe amene angawagwire ndi khutu, ndipo akalakwitsa imodzi ndalama yapita kwa munthu wina mlandu n'kukhala wanu. Muilembe, ndipo muipereke kwa amene waoda kale, limodzi ndi dzina limene lituluke akamatumiza kuti afananize. Ngati nambalayo inalembetsedwa m'dzina la amuna anu nenani, ena amabwerera pomwepo akaona dzina lachilendo. Inuyo musakhulupirire chithunzi cha meseji chimene wakutumizirani, onani balansi nokha pa *211# kapena *444# musanapereke katundu kwa kondakitala.

Ndatumiza koma palibe akuyankha. Ndidziwa bwanji pamene palakwika?

Musathamangire kutsitsa mtengo, yambani mwaona zizindikiro. Dinikizani pa voisiyo musankhe Info. Ngati kwa ambiri sinafike n'komwe, vuto si mawu anu, ndi kuti sanakusungeni kapena alibe bandulo. Ngati yafika koma kamaiki sikanasanduke kabuluu ndiye kuti sanaitsegule, apa yang'anani kutalika kwake, nthawi imene munatumiza, komanso ngati simukutumiza pafupipafupi mpaka anthu anazolowera kukudutsani. Ine ndimatumiza kamodzi pa sabata, cha m'ma 6:30 m'mawa anthu asanalowe ntchito, ndipo masabata a pakati pa mwezi ndimachepetsa katundu chifukwa a pa malipiro amakhala atauma.

Ngati amvera koma ali chete, ndiye tsopano ndi nkhani ya zimene munanena. Mverani nokha ngati mlendo mudzifunse kuti ndikafuna kugula ndichite chani, nthawi zambiri mupeza kuti simunanene. Mafunso amene amabwera ndiwo amakuuzani chosowa, atatu akafunsa muli kuti ndiye kuti malo sanamveke, akafunsa ndi zazikulu bwanji ndiye kuti pamafunika chithunzi kapena vidiyo. Sinthani chinthu chimodzi sabata yotsatira, mukasintha zonse simudziwa chimene chathandiza. Koma akamayankha kuti zadula, ndipo akunena ndi anthu amene amagula nthawi zonse, pamenepo ndiye ndi mtengodi, mwina zinanazi zachuluka mu tauni ndipo pa msewu akugulitsa theka la mtengo wanu.

Kukometsera pang'ono n'kulakwa? Aliyense amatero.

Anthu amene ali mu foni mwanu si odutsa pa msewu, ndi alamu anu, anzanu a kwaya, aphunzitsi a mwana wanu, ndipo voisi imasungika, adzakuseweretsani mawu anu omwe. Ndikati 40 zokha zimakhaladi 40, ukanena zatsala pang'ono sabata iliyonse kenako n'kumapezeka ndi madengu odzadza 12 koloko, anthu amasiya kuthamangira. Mvula ikachuluka ndikalawa n'kupeza kuti ulendo uno sizikutsekemera kwambiri, mzere wa zopsera kumunda uja ndimausintha, ndimati zabwino kufinya juwisi ndipo mtengo ndimatsitsa. Chimene ndadula mu vidiyo chikhale cha saizi imene munthu alandire, osati chimfumu cha dengu lonse. Ndipo a uchi ndi a zitsamba, zonena kuti zimachiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi zisiyeni, wina adzasiya mankhwala a ku chipatala chifukwa cha mawu anu.

Ine sindigulitsa zinanazi, ndi nkhuku. Ndisinthe pati?

Achimwene a ku Luchenza aja tinakhala nawo pansi ndipo yawo inatuluka chonchi: "Mwaswera bwanji, ndine Phiri wa nkhuku wa ku Luchenza. Nkhuku zoyera zakwana masabata 6, ziyamba kutuluka Loweruka pa 27. Imodzi K12,000 yamoyo, yokonzakonza muonjezera K500. Zilipo 80. Mutha kudzatenga kunyumba, kapena ndikubweretserani pa msika wa Luchenza mukatenga kuyambira zitatu. Lembani kuti mukufuna zingati ndikusungireni."

Mafupa ake ndi omwewo, chimene chasintha ndi chifukwa chogulira. Wogula chinanazi amaopa chowawasa, wogula nkhuku yoyera amaopa kankhuku kopepuka, ndiye iwo amatchula masabata, ndipo mu vidiyo amaikoleka pa sikelo singano ikuoneka, osanena kuti zonenepa zedi ayi. Yawo amatumiza masiku anayi zisanayambe kutuluka osati tsiku limodzi ngati ine, chifukwa K12,000 munthu amachita kuikonzekera, komanso nkhuku ikakwana tsiku lililonse imene yakhala mu khola ikudya phindu. Mwana wa achemwali uja wa zitenje yekha ndinamuuza kuti voisi aiwale, atambasule chitenje chonse panja awiri atagwira uku ndi uku, ayandikitse foni pa nsalu, atembenuze kuseri kuti mtundu uoneke ngati walowa mbali zonse, anene mamita ake ndi mtengo, ndipo mtundu umodzi pa vidiyo imodzi. Anayamba wakana kuti ali ndi mitundu 14, ndinamuuza kuti ndiye ali ndi mavidiyo a masabata awiri.